Funsani khoma musanaikepo positala pa chithunzi

Masiku ano mwini sitolo akafuna chikwangwani chatsopano safulumira kutulutsa ndalama. Amayamba wanena kuti amuonetse kaye mmene chidzaonekere pakhoma lake. Wokonza zikwangwani amapita ndi foni, kujambula nyumbayo, kenako n'kukakhala pa kompyuta kuti aike positala yatsopanoyo pa chithunzi ngati kuti yamatidwa kale. Ntchito imeneyi ikuchitika kwambiri m'mashopu osindikiza ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo zambiri mwa zithunzi zimene zimatuluka zili ndi vuto limodzi. Positala imaoneka ngati ikuyandama patsogolo pa nyumba. Munthu sangathe kuloza chimene chalakwika, koma maso ake amakana.

Kawirikawiri cholakwika si mtundu kapena kuwala ayi. Ndi ngodya zinayi za positalayo. Wokonzayo anazikoka ndi mausi mpaka pamene anaona ngati zakhala bwino, m'malo mofunsa khoma lenilenilo. Khoma lililonse limene lajambulidwa chammbali limakhala ndi mizere imene imanena ndendende pamene ngodya iliyonse iyenera kugwera, ndipo kuiwerenga sikufuna masamu ozama. Kumafuna rula, kudekha, ndi kudziwa mizere yoikhulupirira.

Chimene chimachitika munthu akajambula khoma

Imani pakati pa msewu wowongoka, kumene kulibe galimoto, n'kuyang'ana kutsogolo. Mbali ziwiri za msewuwo sizikumana, aliyense akudziwa, koma m'maso mwanu zikuyandikirana mpaka kukagundana pamalo amodzi kutali. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chikatalikira kawiri chimaoneka chochepa ndi theka. M'lifupi mwa msewu pa mamita 20 mumaoneka theka la m'lifupi mwake pa mamita 10, ndipo kuchepako kumapitirira mpaka m'lifupi monse mutasanduka kadontho.

Khoma limachita chimodzimodzi. Mukalijambula mutaima chammbali, mbali imodzi imakhala pafupi ndi kamera, ina kutali. Malaini a njerwa, pamwamba pa mazenera, pansi pa mazenera, zonsezi zimayenda molingana pa nyumba yeniyeniyo, koma pa chithunzi zimapendekeka. Mukazitalikitsa ndi rula, zonse zimakakumana pamalo amodzi. Imeneyi ndiyo mizere yokakumana kutali, ndipo malo amene imagundana tiwatche pokumanira. Lamulo lake ndi limodzi: mzere uliwonse wogona umene uli pakhoma limenelo uyenera kuloza pokumanira pomwepo. M'mphepete mwa positala, mwa pamwamba ndi mwa pansi, ndi mizere yogona ya pakhomalo. Ndiye kuti nayonso iyenera kuloza pamenepo, osati pafupi chabe.

Nzeru imeneyi si ya makompyuta. Mmisiri wa zomangamanga wa mumzinda wa Florence ku Italy, Filippo Brunelleschi, anaionetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Leon Battista Alberti anailemba m'buku lake lonena za kujambula mu 1435. Iwo ankagwiritsa ntchito chingwe ndi rula. Pulogalamu ya pa kompyuta yangofulumizitsa dzanja, koma sinalowe m'malo mwa diso lodziwa chimene likufunafuna.

Pali mzere wina umodzi wofunika kuudziwa. Pa malaini onse a njerwa, amene ali pamwamba amaoneka akutsetsereka kulowera kutali, ndipo amene ali pansi amaoneka akukwera. Pakati pa magulu awiriwa pali laini imodzi imene sikwera kapena kutsika. Laini imeneyo ili pa msinkhu weniweni umene kamera inali pojambula. Umenewu ndi mzere wa maso, womwe uja mumauona kunyanja pamene madzi akumana ndi thambo. Pokumanira pa mizere yonse yogona pamakhala pa mzere umenewu. Chinthu chikakhala kutali ndi mzere wa maso, kupendekeka kwake kumakula, ndipo chikakhala pafupi nawo chimangotsala pang'ono kugona chowongoka. Mfundo imeneyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya, ndipo tiiona bwino mu chitsanzo chikubwerachi.

Mizere yoikhulupirira ndi mizere yonama

Musanalembe mzere uliwonse, sankhani zotsatira mosamala, chifukwa si zonse zimene zimaoneka zogona zilidi zogona.

Pansi pa khoma, pamene lakumana ndi dothi, sipodalirika. M'mizinda ya m'mapiri monga Blantyre ndi Zomba misewu yambiri ndi yotsetsereka, ndipo khonde limapangidwa lopendekeka pang'ono dala kuti madzi a mvula azichoka. Denga la malata nalonso n'lonama, makamaka mukaliona kumbali imene likutsetsereka, ndipo ngalande yolandira madzi m'mphepete mwa denga imaikidwa motsika mbali imodzi. Mzere wa penti umene anthu amakonda kudula pakhoma, wakuda pansi woyera pamwamba, umadalira dzanja la wopentayo. Ena amayeza ndi chingwe, ena amangotsatira dothi.

Zimene mmisiri anaziyeza ndi levulo ndizo zabwino: malaini a njerwa kapena a mabuloko ngati khoma lilibe pulasitala, pamwamba pa mazenera ndi zitseko zimene zili pa msinkhu umodzi, ndi pansi pa mazenera ofanana. Tengani mizere iwiri yotalikirana momwe mungathere, wina pamwamba penipeni wina pansi penipeni, ndipo ikhale yaitali. Mizere iwiri yoyandikana, monga pamwamba ndi pansi pa kazenera kamodzi, imapendekeka mofanana kwambiri, kotero kuti mukalakwitsa pang'ono chabe poiika, pokumanira pake pamasuntha mtunda waukulu. Mukapeza pokumanira ndi mizere iwiri, lembani wachitatu kuti ukhale mboni. Ukadutsa pamalo omwewo, mwapeza. Ukaphonya kwambiri, ndiye kuti umodzi mwa itatuyo ukunama, ndipo muyenera kudziwa kuti ndi uti musanapitirire.

Nthawi zina mzere umene ukunama ndi wa kamera. Foni zambiri zili ndi kamera yojambula malo aakulu, ija imalembedwa 0.5x kapena 0.6x pa sikirini. Kamera imeneyi ikhoza kupinda mizere yowongoka imene ili m'mphepete mwa chithunzi, ndipo mzere wopindika ulibe pokumanira pamodzi. Poyesa, ikani rula pa laini yaitali ya njerwa. Ngati nsonga ziwiri zagunda rula koma pakati pafufuma, chithunzicho n'chopindika. Mu Photoshop muli `Filter > Lens Correction`, mu GIMP muli `Filters > Distorts > Lens Distortion`, ndipo zonsezi zimatha kuwongola. Koma ngati nyumbayo ili pafupi, n'kwabwino kubwererako, kuima patali pang'ono ndi kujambulanso ndi kamera ya 1x.

Khoma la mamita 8

Tiyeni titenge khoma limodzi n'kuligwirira ntchito mpaka kumapeto. Ndi khoma la m'mbali la sitolo, lomangidwa ndi mabuloko a simenti opanda pulasitala. Buloko iliyonse pamodzi ndi matope ake ndi masentimita 40 m'litali ndi masentimita 20 msinkhu. Khomalo lili ndi mabuloko 20 m'litali ndi malaini 20 kupita m'mwamba, ndiye kuti ndi mamita 8 m'litali ndi mamita 4 msinkhu. Mwini sitolo akufuna positala ya mamita 4 m'litali ndi mamita 2 msinkhu, ikhale pakati pa khoma, pansi pake payambire pa mita 1.2 kuchokera pansi pa khoma.

Wojambula anaima chakumanzere, foni ataigwira chilili pa msinkhu wa mita 1.6. Chithunzi chake ndi cha mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 msinkhu. Mapikiselo ndi timadontho timene timapanga chithunzi, ndipo ndiwo muyeso wathu pa sikirini. Ngodya ya khoma ya kumanzere, imene ili pafupi ndi kamera, yatuluka yotalika mapikiselo 2000. Ya kumanja, imene ili kutali, yatuluka mapikiselo 1000. Pakati pa ngodya ziwirizi pali mapikiselo 2400.

Choyamba ndi kupeza pokumanira. Tsegulani leya yatsopano pamwamba pa chithunzi, kuti mizere yanu isadetse chithunzicho, ndipo sankhani mtundu wowala monga wofiira, mzere wake ukhale wopyapyala. Lembani mzere wotsatira laini ya pamwamba ya mabuloko, ndi wina wotsatira laini yoyamba ya pansi. Pa khoma lathuli mizereyi siikumana m'kati mwa chithunzi. Onani chifukwa chake: pa mapikiselo 2400 khoma lachepa kuchoka pa 2000 kufika pa 1000, choncho pakufunika mapikiselo ena 2400 kuti lithe. Pokumanira pali pa mapikiselo 4800 kuchokera pa ngodya ya pafupi, kunja kwa chithunzi. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kuyamba kungoganizira. Musatero. Pitani pa `Image > Canvas Size`, dzina lake ndi lomwelo mu Photoshop ndi mu GIMP, muwonjezere malo opanda kanthu kumanja. Mudzawadula mukamaliza.

Mukapeza pokumanira, lembani mzere wogona wodutsa pamenepo. Muona kuti wagona ndendende pamwamba pa laini ya nambala 8 ya mabuloko. Malaini 8 a masentimita 20 ndi mita 1.6, msinkhu wa foni ija. Zikagwirizana chonchi, dziwani kuti maziko anu ali bwino.

Chachiwiri ndi pamwamba ndi pansi pa positala, ndipo apa n'posavuta. Pa ngodya ya pafupi werengani malaini 6 kuchokera pansi, muike kadontho. Pamenepo ndi mita 1.2. Werenganinso malaini ena 10, muike kadontho kachiwiri pa mamita 3.2. Kuchokera pa kadontho kalikonse kokani mzere kukafika pokumanira. Positala ikhala pakati pa mizere iwiri imeneyi. Ngakhale khoma likanakhala la pulasitala, popanda malaini owerenga, mukanayeza pa ngodya yomweyo ndi rula, chifukwa pa mzere woimirira umodzi muyeso susintha ngati foni inagwiridwa chilili. Khoma la mamita 4 likatenga mapikiselo 2000, mita iliyonse pa ngodya imeneyo ndi mapikiselo 500.

Pakati pa khoma si pakati pa chithunzi

Chachitatu ndicho chimagwetsa ngakhale anthu amene azolowera ntchito: kupeza pamene positala iyambire ndi pamene ithere.

Maganizo oyamba amati, khoma latenga mapikiselo 2400, ndiye pakati pake ndi pa 1200, ndipo positala ya theka la khoma iyambire pa 600 kukathera pa 1800. Pa sikirini zimaoneka zolongosoka. Koma werengani mabuloko amene ali pansi pa positala yoikidwa chotero. Mupeza kuti yayambira pa mtunda wongopitirira mita imodzi kuchokera pa ngodya, m'malo mwa mamita 2, ndipo yathera pa mamita 4.8 m'malo mwa 6. Yasunthira kwa wojambula ndi pafupifupi mita yathunthu, komanso yafupika. Chifukwa chake n'chomwe chija cha msewu: mabuloko a pafupi amadya malo ambiri pa chithunzi, a kutali amapanikizana. Theka la pafupi la khoma limaoneka lalikulu kuposa theka la kutali.

Njira yopezera pakati penipeni ndi yakale, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yokongola kuposa zonse mu ntchito imeneyi. Lembani mzere kuchokera pa ngodya ya pamwamba kumanzere kwa khoma kukafika pa ngodya ya pansi kumanja, ndi wina kuchokera pansi kumanzere kukafika pamwamba kumanja. Pa khoma lenileni mizere iwiri yopingasana imeneyi imadutsana pakati penipeni. Kamera imasintha kutalika kwa zinthu, koma siisuntha malo amene mizere iwiri yowongoka yadutsana. Choncho pamene yadutsana pa chithunzi ndi pomwe pali pakati pa khoma. Pa khoma lathuli yadutsana pa mapikiselo 1600, osati 1200. Theka la pafupi latenga magawo awiri mwa atatu a malo onse.

Imikani mzere woimirira pamenepo, ndipo khoma lagawika pawiri. Tsopano bwerezani zomwezo pa theka lililonse. Mizere yopingasana ya theka la pafupi idutsana pa mapikiselo 960, ndipo pamenepo ndi mamita 2 kuchokera pa ngodya. Ya theka la kutali idutsana pa mapikiselo pafupifupi 2057, pamene pali mamita 6. Imikani mizere iwiri yoimirira pamalo amenewa. Pamene yadula mizere ija yopita pokumanira ndi pamene pali ngodya zinayi za positala. Poti khoma lathu ndi la mabuloko oonekera, tsimikizani powerenga: mabuloko 5 kumanzere, mabuloko 10 pansi pa positala, mabuloko 5 kumanja.

Bwanji ngati positala siili pakati, kapena si theka la khoma? Njira ndi yomweyo, kungoti mumagawa kangapo. Khoma la mamita 8 likagawidwa katatu motsatizana limakupatsani chizindikiro pa mita iliyonse. Koma pali njira yachidule imene imapulumutsa nthawi: musanajambule, matani timapepala kapena lembani ndi choko pakhoma pamene ngodya zinayi za positala zidzakhale, mutayeza ndi tepi. Zikatero chithunzi chimabwera ndi mayankho ake kale, ndipo mizere yokakumana kutali imangotsimikizira. Wokonza zikwangwani amene amapita kukajambula nyumba alibe tepi m'thumba akudzipatsa ntchito yowirikiza.

Tayang'anani mmene bokosi lathu latulukira. Mbali ya pafupi ya positala ndi mapikiselo 800, ya kutali ndi pafupifupi 570. Koma kuchepako sikunagawike mofanana pamwamba ndi pansi. Mzere wa pamwamba watsika ndi mapikiselo oposa 180, pamene wa pansi wakwera ndi osakwana 50. Pansi pa positala pali malaini awiri okha kuchokera pa mzere wa maso, n'chifukwa chake pangotsala pang'ono kugona chowongoka, pamene pamwamba pake pali malaini 8 kuchokera pa mzerewo. Munthu woganizira ndi maso amakonda kupendeketsa pamwamba ndi pansi mofanana, ndipo ndicho chimayandamitsa positala.

Kukoka ngodya

Ntchito yovuta yatha. Chatsala ndi kulowetsa positala m'bokosi limene mwalemba.

Onetsetsani kaye kuti positala yeniyeniyo inakonzedwa pa muyeso woyenera. Yathuyi m'litali mwake muyenera kukhala kawiri msinkhu wake. Ngati inakonzedwa pa pepala la A4 n'kuikakamiza kulowa m'bokosi la mamita 4 ndi 2, zilembo zidzatambasuka ndipo nkhope za anthu zidzafufuma, ngakhale ngodya zonse zitakhala pamalo pake.

Mu Photoshop, ikani positala pa leya yake, dinani kumanja pa leyayo musankhe `Convert to Smart Object`. Izi zimasunga positala yoyambirira, kotero mutha kuikonza kambirimbiri osaifufutitsa, ndipo mwini sitolo akasintha nambala ya foni mumangosintha m'kati popanda kuyambiranso. Kenako pitani pa `Edit > Transform > Distort` ndi kukoka ngodya iliyonse payokha kukaiika pa chizindikiro chake. Kuzani chithunzi kwambiri poika ngodya iliyonse. Chenjerani ndi `Edit > Transform > Perspective`. Dzina lake limakopa, koma mukakoka ngodya imodzi, inzake imayenda mofanana kulowera kwina. Zimenezi zimangothandiza ngati mzere wa maso wadula positala pakati penipeni, zomwe sizichitikachitika. `Skew` nayo si yoyenera, chifukwa mukakoka mbali yonse imangopendeketsa positala popanda kuchepetsa mbali ya kutali.

Mu GIMP, imene ndi yaulere, zinthu zatembenuka: chida choyenera ndicho chimatchedwa `Perspective`, chili pa `Tools > Transform Tools > Perspective` kapena `Shift+P`, ndipo chimalola kukoka ngodya iliyonse payokha. Ikani ngodya zonse zinayi bwinobwino musanadine `Transform`. Mukasintha, n'kusinthanso pamwamba pa zosinthidwa kale, zilembo zimayamba kufufutika. Ngati mwalakwitsa, bwererani ku positala yoyambirira.

Photoshop ilinso ndi `Filter > Vanishing Point`, imene inabwera mu 2005. Mmenemo mumadina ngodya zinayi za chinthu cha pakhoma chimene mukudziwa kuti ngodya zake n'zowongoka, monga zenera lalikulu kapena khoma lonse, ndipo pulogalamuyo imayala ukonde pakhomapo. Ukonde wabuluu umasonyeza kuti ngodya zanu n'zotheka, wachikasu kapena wofiira umachenjeza kuti pali vuto. Mukamata positala ndi `Ctrl+V` n'kuikokera mu ukondewo, imagona pakhoma yokha, ndipo imachepa mukaikankhira kutali. N'chida chabwino, makamaka pamene mukuyesa malo angapo. Koma buluu sakutanthauza kuti mwalondola. Mukadina ngalande ya denga ndi dothi lotsetsereka, ukonde ukhoza kukhala wabuluu uli wolakwika. Ndiponso pulogalamuyo siidziwa kuti buloko ndi masentimita 40, choncho kukula kwa positala muyenera kukutsimikiza nokha.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu m'njira ziwiri. Talikitsani m'mphepete mwa positala, mwa pamwamba ndi mwa pansi, muone ngati mwakafika pokumanira. Yang'ananinso mizere ya zilembo, chifukwa nayonso iyenera kuloza komweko. Kenako lembani mizere yopingasana pa positalayo. Chinthu chimene chinali pakati penipeni pa positala yoyambirira chiyenera kukhala pamene mizereyo yadutsana. Pali zida zina, makamaka m'mapulogalamu ojambulira zilembo ndi zizindikiro, zimene zimafikitsa ngodya pamalo pake koma osapanikiza mbali ya kutali. Zilembo zonse zimatuluka zofanana m'lifupi, ndipo kuyesa kwachiwiriku ndi kumene kumazigwira.

Nyumba zazitali ndi makoma awiri

Zonse tanenazi zadalira kuti foni inagwiridwa chilili, choncho mizere yoimirira inatsala yoimirira. Koma mukaima mu Victoria Avenue ku Blantyre n'kufuna kujambula nyumba ya nsanjika, mumakweza kamera kuyang'ana m'mwamba. Mukatero ngodya za nyumba zimayamba kuyandikirana kumwamba, ndipo zimakhala ndi pokumanira pakepake, pamwamba kwambiri pa chithunzi. Mbali ziwiri za positala ziyenera kuloza pamenepo. Ngati pamenepo pali patali kwambiri moti simungapafike, tsatirani mizere yoimirira imene ili pafupi ndi mbali iliyonse, monga mafelemu a mazenera kapena zipilala: mbali ya positala imene ili pakati pa mazenera awiri ipendekeke pakatikati pa kupendekeka kwawo. Dziwaninso kuti pa chithunzi chotere simungayeze msinkhu ndi rula pa ngodya monga tinachitira, chifukwa nsanjika za pamwamba zimaoneka zazifupi. Mizere yopingasana imagwirabe ntchito, ndipo imapeza pakati pa msinkhu monga imapezera pakati pa m'litali.

Nyumba ikajambulidwa pa kona, makoma awiri akuoneka, khoma lililonse limakhala ndi pokumanira pake, kwina kumanzere kwina kumanja, ponse pa mzere wa maso umodzi. Musatenge mzere wa khoma la kutsogolo n'kuikira positala ya khoma la m'mbali. Chikwangwani chotuluka kunja, chija chimakhomedwa chopingasa kuti oyenda m'khonde achiwerenge, sichitsatira khoma limene chakhomedwapo. Chimatsatira khoma linalo. Ndipo njira ya ngodya zinayi ili ndi malire ake: imagwira pa malo afulati okha. Pa thanki ya madzi, pa chipilala chozungulira kapena pa nsalu yolendewera pamafunika zida zina.

Ngodya zikakhala bwino, zotsala n'zochepa koma musazisiye. Positala ya pa kompyuta imawala kuposa chilichonse cha pa chithunzi, choncho ichepetseni kuwala kuti ifanane ndi khoma, makamaka ngati lili mu mthunzi wa khonde. Ngati ndi pepala lomata kapena zolemba za penti, kusintha leya kukhala `Multiply` kumalola kuti mthunzi ndi kukakala kwa khoma kuonekere, ngakhale kuti pa khoma lakuda kumadetsa positala yonse. Ngati ndi bolodi lokhomedwa, lipatseni kamthunzi kolowera kumene mithunzi ya mazenera yalowera. Ndipo chilichonse chimene chili patsogolo pa khoma, kaya ndi mzati wa magetsi, nthambi ya mtengo kapena njinga yoimikidwa, chiyenera kuphimba positala, osati positala kuphimba icho.

Amene alibe kompyuta asaganize kuti zimenezi zawadutsa. Wolemba zikwangwani ndi burashi akhoza kusindikiza chithunzi cha khoma pa A4, kuchimata pa pepala lalikulu kuti pokumanira papezeke, n'kulemba mizere yonseyi ndi pensulo ndi rula yaitali. Mayankho ake adzafanana ndi a pulogalamu iliyonse.

Mawu otsiriza apite kwa inu amene mumapanga zithunzi zimenezi kuti mupeze ntchito. Chiyeso chokuza positala pang'ono kuti kasitomala asangalale chilipo, ndipo pa chithunzi chojambulidwa chammbali palibe amene angakugwireni msanga. Koma mwini sitolo amalipira potengera kukula kwa chikwangwani, ndipo tsiku lokhoma adzawerenga mabuloko. Muonetseni chikwangwani cha mamita 4 pa mabuloko 10, lembani miyeso yake pansi pa chithunzi, ndipo sungani leya ya mizere ija kuti akafunsa mumuonetse mmene munapezera.